"Mubwere Mawa": Uthenga Umene Unabweza Azakhali Panjira

Dzinja latha azakhali athu ena, amene amakhala m'mudzi wina kumunsi kwa Golomoti, analandira uthenga pafoni wochokera kuchipatala kumene amatengako mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Uthengawo unali wa mawu atatu: "Mubwere mawa kuchipatala." Wolembayo anautumiza Lachitatu masana, ndipo anachita zimenezi ndi mtima wabwino. Koma Lachitatu limenelo foni ya azakhali inali yozima, ili pa shelefu kwa mnyamata wotchaja mafoni pamsika. Mdzukulu anakaitenga Lachinayi madzulo, anaiyatsa, uthenga n'kulowa. Anawawerengera agogo ake monga mmene unalembedwera, ndipo Lachisanu m'mamawa azakhali anakwera kabaza ulendo wa kuchipatala. Atafika anapeza kuti odwala matenda awo anaonedwa dzulo lake. Ya kabaza inapita, tsiku la kumunda linapita, ndipo anabwerera akudandaula kuti achipatala awanamiza.

Palibe amene ananama. Mawu akuti "mawa" ndi oona pa tsiku limene alembedwa basi, pomwe uthenga wa pafoni suwerengedwa nthawi zonse pa tsiku limene watumizidwa. Foni ikakhala yozima, kapena ili pamalo popanda netiweki, kampani ya foni imausunga uthengawo kwa kanthawi, n'kudzaupereka foniyo ikayaka. Kuchigwa kuno zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku. Ku Golomoti kuli malo aakulu opangira magetsi a dzuwa amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, komabe m'midzi yambiri yozungulira foni imatchajidwabe pamsika kapena pa kasola ka mnansi, ndipo kukachita mitambo masiku awiri, kasolako kamagona.

Ambiri mwa inu awerengi mumalandira mauthenga otere, ndipo ena ndinu anamwino, alangizi a zaumoyo kapena odzipereka amene mumawalemba. Tiyeni tilembe limodzi uthenga wa azakhaliwo, omwe pano tiwatchule kuti aNabanda, ndipo tione chifukwa chake liwu lililonse lili pamene lili.

"Moni aNabanda. Tsiku lanu kuchipatala ndi Lachinayi pa 12 Malichi, 8 koloko m'mawa. Tengani buku lanu. Ngati simukwanitsa, fulashani nambala ino, tikuimbirani."

Mukawerenga zilembo zonse, pamodzi ndi mipata ndi zizindikiro, mupeza 159. Si mwangozi. Uthenga umodzi wamba umanyamula zilembo 160, ndipo mukapyola pamenepo foni imaudula pawiri, gawo lililonse n'kulipiridwa palokha. Pa munthu mmodzi kusiyana kwake n'kochepa, koma kwa namwino wotumizira anthu makumi asanu sabata iliyonse, kawirikawiri ndi mayunitsi a m'thumba mwake, kumamveka. Komanso pa foni ya mabatani uthenga wautali umafuna kutsitsa kangapo, ndipo mawu a kumapeto ndi amene sawerengedwa.

Pali msampha wina umene umatigwira ife olemba Chichewa makamaka. Malire a 160 aja amagwira ntchito pa zilembo wamba zokha. Mukaikamo chilembo chimodzi chokha cha ŵ, chija chovala chipewa, foni imasintha kanyamulidwe ka uthenga wonse, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wa aNabanda ukhoza kusanduka magawo atatu chifukwa cha kachipewa kamodzi. Chimodzimodzi kachizindikiro ka mu "m'mawa": kowongoka kamene kali pafoni kalibe vuto, koma kopindika kamene kamabwera mukakopera mawu kuchokera pa kompyuta kamachita zomwezo. Mudziwira pa kanambala kamene mafoni ambiri amaonetsa pakona pamene mukulemba. Kakagwa mwadzidzidzi, kapena kakayamba kuonetsa mauthenga atatu pa mawu ochepa, fufuzani chilembo chachilendocho muchichotse. Aphunzitsi athu a Chichewa atikhululukire, koma pa nkhani iyi chipewa chitsale kunyumba.

Tsopano tsiku. Talemba zinthu zitatu pamodzi: dzina la tsiku, nambala yake, ndi dzina la mwezi. Wina angati n'kubwereza, koma chilichonse chimalondera chinzake. Anthu ambiri kumudzi amayendera dzina la tsiku, chifukwa msika, misonkhano ya banki mkhonde ndi mapemphero zonse zimadziwika ndi mayina a masiku. Koma "Lachinayi" lokha silinena kuti Lachinayi liti. Nambala yokha nayo imafuna kalendala pakhoma. Zikakhala pamodzi, ngakhale wolemba ataphonya chimodzi, wowerenga amaona kuti sizikugwirizana ndipo amafunsa. Mwezi tiulembe ndi mawu. Zolemba ngati 12/03 zimazolowereka kwa ogwira ntchito m'chipatala, koma mdzukulu wa Sitandade 5 amene akuwerengera agogo akhoza kungotchula manambala osadziwa kuti ndi tsiku.

Mawu ena oti tiwapewe ndi "sabata la mawa". Ife a pa tsamba lino tikudziwa bwino kuti liwu limeneli lili ndi nkhope zingapo. M'nyumba zathu Sabata ndi Loweruka, kwa anansi athu ambiri Lasabata ndi Lamulungu, ndipo kwa tonse sabata ndi masiku asanu ndi awiri. Uthenga wa kuchipatala si malo oyeserapo kuti wowerenga amva tanthauzo liti.

Pa nthawi, "8 koloko m'mawa" ndi momwe anthu amalankhulira, ndipo ndi bwino kuposa 08:00. Chenjezo ndi lakuti "m'mawa" ndi "mawa" amasiyana ndi chilembo chimodzi, ndipo powerengera munthu mokweza amamveka pafupifupi chimodzimodzi. N'chifukwa chake tawaika pambuyo pa tsiku ndi ola, pamene sangasokoneze. Mukayamba ndi "Mubwere m'mawa", agogo amva kuti abwere mawa.

Tinenepo pang'ono za chilungamo pa nthawiyi. Tikalembera anthu makumi anayi kuti onse afike 8 koloko, womaliza adzaonedwa dzuwa lili pamutu, ndipo amene anakhalapo pabenchi ku Mtakataka mu Okutobala akudziwa tanthauzo lake. Ngati chipatala chanu chimatolera mabuku m'mawa ndi kuyamba ndi phunziro la zaumoyo, ndiye 8 koloko ndi yoona, ilembeni. Koma ngati mungathe kugawa anthu, ena 8 koloko ena 10 koloko, gawani, ndipo ochokera kutali, monga kufupi ndi nyanja, apatseni nthawi yachiwiriyo. Munthu amene wauzidwa ola labodza kawiri, kachitatu amabwera ola lake.

Mwaona kuti mu uthengawo mulibe dzina la matenda, la mankhwala, kapena la chipinda chimene aNabanda amalowa. Foni yambiri kuno si ya munthu mmodzi. Imakhala m'thumba mwa bambo, mayi n'kuibwereka madzulo, ana n'kumaseweretsa, ndipo wotchaja uja amaigwira tsiku lonse. Kuthamanga kwa magazi mwina sikuchititsa munthu manyazi, koma uthenga womwewo umapitanso kwa omwa ma ARV, kwa mayi wobayitsa jekeseni ya kulera, kwa wodwala chifuwa chachikulu kapena khunyu. Ngati mauthenga a matenda ena amatchula dzina, ena osatchula, anthu sachedwa kuzindikira kuti osatchulawo akubisa chiyani. Choncho onse akhale ofanana. Ndipo munthu asanalembedwe pa mndandanda afunsidwe mafunso atatu ali yekha: nambalayi ndi ya yani, mukulola kuti tizitumizapo uthenga, nanga tizikutchulani dzina liti? Ena amasankha dzina la mfunda, ena la mwana wawo woyamba. Wakana, wakana. Ameneyo mlangizi wa zaumoyo amukumbutse pakamwa.

Dzina la chipatala nalo mulibe, ndipo pamenepa pali vuto lina. Tonse tinalandirapo mauthenga a akuba onena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, moti nambala yachilendo anthu saikhulupiriranso. Mankhwala ake si kutalikitsa uthenga. Tsiku lolembetsa lomwelo, namwino alembe nambala ya foni ya chipatala mkati mwa chikuto cha buku la wodwala, ndipo atumize uthenga woyamba wodwalayo ali pomwepo. Ukalowa, mwatsimikiza kuti nambala inalembedwa bwino, ndipo mwiniwake waona kumene uthenga uzichokera. Muwauzenso kuti nambala imeneyi sidzawapempha ndalama.

Tafika pa chiganizo chomaliza, chimene mu uthenga wa azakhali uja munalibe, ndipo ife timati ndicho chachikulu pa zonse. Uthenga wongonena tsiku umathandiza woiwala yekha. Koma ambiri amene amajomba sanaiwale. Mu Malichi mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza imatha kudzaza usiku umodzi ngakhale kuchigwa kusanagwe dontho. Ku Bwanje ntchito ya mpunga siidikira munthu. Maliro amagwa pamudzi, mwana amatentha thupi, ndalama ya kabaza imasowa. Munthu wotere amadziwa kuti sapita, koma sadziwa womuuza, ndiye amangokhala chete. Likadutsa tsiku, amaopa kukalipiridwa, n'kudikira mwezi wina.

Tasankha mawu akuti "fulashani" m'malo mwa "imbani" kapena "yankhani" chifukwa kufulasha sikudya mayunitsi, ndiponso sikufuna kudziwa kulemba. Ku zipatala za Lighthouse ku Lilongwe, kumene kuyambira mu 2021 akhala akutumizira odwala mauthenga oti aziyankha, wodwala amayankha ndi nambala kuti abwera kapena ayi, ndipo amatha kupempha tsiku lina. Kumeneko kuli makina ndi antchito oyang'anira mayankho. Kachipatala kakang'ono kalibe zimenezo, koma mfundo yake ikhoza kutheka ndi foni imodzi ya mabatani ndi kope limodzi: wodwala akhale ndi njira yoyankhira yosamulipiritsa, ndipo mbali inayo kukhale munthu.

Munthu ameneyo adziwike ndi dzina pakati pa antchito. Mawu akuti "tikuimbirani" ndi lonjezo, ndipo lonjezo losasungidwa limaononga kuposa kusalonjeza. Foni ikamakhala mu dirowa, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake aiona, aNabanda adzafulasha kamodzi, kawiri, n'kuleka mpaka kale. Ndi bwino kugwirizana kuti wakutiwakuti aziona foni 10 koloko ndi 3 koloko, n'kubweza mafoni onse tsiku lomwelo. Nambalayo ikhalenso yoti munthu angaifulashe. Mauthenga ena otumizidwa ndi makina amaonetsa dzina m'malo mwa nambala, ndipo amenewo sayankhika. Ngati mukugwiritsa ntchito oterowo, nambala yoimbira iyenera kulembedwa mu uthenga momwemo, ngakhale zitatanthauza kuchotsa moni.

Nanga woimbayo akawapeza aNabanda, awauze kuti abwere liti? Apa ndi pamene ambiri timalakwa, chifukwa yankho lofulumira ndi lakuti "bwerani Lachinayi linalo". Tiyeni tiwerenge. Tiyerekeze kuti aNabanda anaonedwa Lachinayi pa 12 Febuluwale, mwezi wa masiku 28, n'kupatsidwa mapilitsi 30, limodzi pa tsiku, ndipo anayamba kumwa m'mawa wa pa 13. Kuchokera pa 13 mpaka pa 28 Febuluwale amwa 16. Otsala 14 awafikitsa Loweruka pa 14 Malichi. Tsiku lawo la pa 12 Malichi linaikidwa mwadala kuti pakhale mapilitsi awiri apadera. Tikawasunthira pa 19 Malichi, akhala masiku anayi athunthu, kuyambira pa 15 mpaka pa 18, opanda mankhwala. Ndipo kuthamanga kwa magazi sikuchenjeza. Munthu amadzimva bwinobwino magazi akukwera, n'kuyamba kuganiza kuti mwina mankhwalawo sakufunikanso.

Choncho funso loyamba la woimba lisakhale "mudzapeza mpata liti?" koma "mapilitsi atsala angati? Awerengeni ndikudikira." Awerengedi, chifukwa chiwerengero cha m'kope ndi cha m'kapepala kawirikawiri sizifanana. Akapezeka ochuluka kuposa oyembekezeka, ndiye kuti pali masiku amene sanamwe, ndipo namwino ayenera kudziwa. Akapezeka ochepa, mwina anagawirako mnansi, zimene zimachitika ndithu. Tsiku latsopano ligwe mapilitsi asanathe. Kwa aNabanda zikutanthauza Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachisanu la sabata yomweyo, ngakhale kutakhala kungoyezetsa magazi ndi kutenga mankhwala, kuonana ndi dokotala kudzachitike pa 19. Zipatala zina zimalola wachibale kubwera ndi buku kudzatenga mankhwala a masiku ochepa. Chimenecho ndi chosankha achipatala, koma wodwala afunse.

Kuwerengaku kukutiuzanso tsiku lotumizira uthenga. Wotumizidwa Lachitatu, tsiku limodzi lisanafike, susiya mpata wosinthira chilichonse, ndipo foni ikakhala kotchaja, umafika mochedwa ngati wa azakhali. Wotumizidwa masabata awiri lisanafike umaiwalika, kapena umakwiririka ndi mauthenga otsatsa mabandulo. Lolemba pa 9 Malichi, kutatsala masiku atatu, ndi pabwino: foni ili ndi nthawi yoyaka, banja lili ndi nthawi yofunafuna ya kabaza, ndipo aNabanda akafulasha Lolemba lomwelo amakhala adakali ndi mapilitsi asanu. Ngati mayunitsi alipo, wachiwiri upite Lachitatu, ndi mawu omwewo, tsiku lolembedwa lonse. Tumizani chakumadzulo, pamene anthu aweruka kumunda ndipo ana odziwa kuwerenga abwera kusukulu.

Si tsiku lililonse limene limayendera mapilitsi, ndipo woimba adziwe kusiyana kwake. Katemera wa mwana akachedwa sabata imodzi sayambidwanso poyamba, amangopitirizidwa pamene analekezera, ngakhale kuchedwako si kwabwino. Jekeseni ya kulera ya miyezi itatu ili ndi kampata: malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse amalola kubaya kutatsala masabata awiri, kapena kutapyola mpaka masabata anayi. Koma ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, a khunyu ndi jekeseni ya shuga safuna kudumphitsa. Wodzipereka amene sakudziwa gulu la wodwala wake asapereke tsiku yekha, afunse namwino.

Mukagwirizana tsiku latsopano, ntchito siinathe. Lilembedwe m'kope la chipatala nthawi yomweyo, lakale likhwatchidwe, apo ayi Lachitatu aNabanda adzalandira uthenga wowakumbutsa tsiku limene lasinthidwa kale, n'kusokonezeka. Kenako upite uthenga wotsimikiza, popeza zolankhulana pafoni munthu ali m'munda zimauluka:

"Moni aNabanda. Tasintha tsiku lanu. Tsopano ndi Lachisanu pa 13 Malichi, 8 koloko m'mawa. Tengani buku lanu."

Musatchulemo tsiku lakale. Masiku awiri mu uthenga umodzi, wowerenga mothamanga amagwira loyamba.

Kwa inu olandira mauthengawa kunyumba, ntchito yanu ndi yochepa. Uthenga ukalowa, tengani buku la kuchipatala muone ngati tsiku la pafoni likufanana ndi limene namwino analemba. Zikasiyana, fulashani, musasankhe nokha. Ngati ndinu wowerengera agogo, werengani uthenga wonse mpaka kumapeto, ndipo tsikulo mulilembe pa kalendala kapena pachitseko ndi choko. Ngati uthengawo uli wa "mawa" ngati uja, yang'anani tsiku limene foni ikuonetsa pa uthengawo, ndipo mukakayika funsani musanalipire kabaza. Mukasintha nambala, kapena foni ikabedwa, kauzeni achipatala, chifukwa nambala yosiyidwa nthawi yaitali kampani imatha kuipereka kwa munthu wina, ndipo mauthenga anu azipita kwa mlendo.

Chinthu chimodzi chisasokonezedwe ndi nkhani yonseyi. Uthenga wokumbutsa ndi wa munthu amene ali bwino. Ngati aNabanda adzuka mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, kukamwa kwapotoka, mawu akutuluka mosamveka, kapena mutu ukuwapweteka koopsa ndipo sakuona bwino, pamenepo palibe kufulasha n'kudikira, palibenso kunena kuti tsiku lawo ndi Lachinayi. Apite kuchipatala ola lomwelo. Chimodzimodzi mayi woyembekezera amene akutaya magazi, ndi mwana amene akukomoka kapena akukana kuyamwa.

Azakhali athu aja tsopano nambala ya chipatala ili mkati mwa chikuto cha buku lawo, yolembedwa ndi zilembo zazikulu. Mwezi watha kunagwa maliro kuchimuna kwawo kufupi ndi Mua, tsiku lawo litatsala masiku awiri. Anamutuma mdzukulu kuti afulashe. Foni italira, anamasula pangodya ya chitenje, n'kukhuthulira mapilitsi m'dzanja. "Mwanawe, tawerenga awa, uwauze adokotalawo." Analipo anayi.